Ndinkangofuna kubweza zanga

Tsiku limene kubetcha kunasiya kukhala masewera kwa ine ndimalidziwa bwino, ngakhale kuti panthawiyo sindinazindikire kanthu. Linali Lachiwiri, pa 22 Novembala 2022, mpikisano wa mpira wa dziko lonse uli m'kati ku Qatar. Ndinali ku ntchito, mu shopu yogulitsa zipangizo za galimoto ku Limbe, foni ili pansi pa kauntala. Argentina inkasewera ndi Saudi Arabia masana, ndipo aliyense amene ndinalankhula naye m'mawa umenewo ankati imeneyi ndi ndalama yongotola. Ndinaikapo K10,000, ndalama yomwe ndinali ndisanaikepo pa tiketi imodzi chiyambire. Messi atagoletsa penate kumayambiriro ndinayamba kale kuwerengera zogula. Atabwera kopuma, Saudi Arabia inagoletsa zigoli ziwiri motsatizana, masewero n'kutha 2-1.

Izi zisanachitike ndinali nditabetcha pafupifupi chaka chathunthu popanda vuto looneka. Loweruka lililonse ndinkaika K500, nthawi zina K1,000, pa matimu a ku Mangalande. Tiketi ikafa ndinkaseka ndi anzanga, n'kuiwala mpaka Loweruka lina. Akazi anga ankadziwa, ndipo tsiku lina nditawina K38,000 tinagulira limodzi nkhuku ndi nsapato za mwana. Ndalama imene ndinkaika inali yoti ikapita yapita, ngati yogulira botolo la zoziziritsa kukhosi.

Koma K10,000 ya tsiku limenelo sinapite mumtima mwanga. Ndinkaiona ngati ndalama yanga imene wina waisunga molakwika, yoti ndiyenera kukaitenga dzuwa lisanalowe. Patangopita maola ochepa Denmark inkasewera ndi Tunisia, ine n'kuikapo K15,000 kuti Denmark ipambana. Anafanana mphamvu osagoletsana. Madzulo ndinaika K25,000 kuti pa masewero a Mexico ndi Poland pakhala zigoli, ndipo nawonso anatha 0-0. Pofika nthawi ya nsima ndinali nditadyedwa K50,000, ndipo gawo lalikulu la ndalamayi silinali langa. Inali ndalama ya feteleza imene tinasonkherana ndi achemwali anga kuti titumize kwa amayi ku Chiradzulu, yomwe inkadikira mu foni yanga. Usiku France inkasewera ndi Australia. Ndinatenga K40,000 yotsala ya feteleza ija n'kuikanso yonse. Australia itayamba kugoletsa ndinatuluka panja, miyendo ikunjenjemera, ndinakaima kuseri kwa bafa. France inapambana 4-1, ndipo mu foni munalowa K78,000.

Ndinagona usiku umenewo ndikudziona ngati katswiri. Koma tawerengani nane. Ndinaika K90,000 tsiku lonse, ndinalandira K78,000. Ndinaluza K12,000, kuposa K10,000 imene ndinkailondola poyamba, komanso ndinaika pachiswe chakudya cha amayi cha chaka chonse. Chimene mutu wanga unasunga si chimenecho ayi. Unasunga zoti ukadyedwa usagonje, uwonjezere ndalama, zibwerera. Phunziro labodza limeneli ndi limene linandiwononga miyezi khumi yotsatira, ndipo ndimakhulupirira kuti ndikanaluza masewero a France aja mwina ndikanachita mantha n'kusiya msanga.

K12,000 yoperewera ija ndinaikwaniritsa ndi malipiro a mwezi umenewo, ndipo sindinauze munthu aliyense. Apa ndi pamene panayambira chinthu chachiwiri, kubisa. Akazi anga atandifunsa kuti bwanji ndinatuluka panja mpira uli m'kati, ndinati m'mimba munkandipota. Linali bodza laling'ono kwambiri moti sindinalitenge ngati bodza.

Anthu ambiri akamaganiza za munthu amene juga yamulowerera amayang'ana kuchuluka kwa ndalama zimene akuika. Ine ndaona kuti kuchuluka kumanyenga. Pali anthu olemera amene amaika K50,000 n'kuiwala, ndipo pali wakabaza amene K2,000 ikumuphera banja. Funso loona ndi lakuti, ukamaika ndalama ija ukufuna chiyani? Kale ndinkaika kuti mpira ukome. Kuyambira tsiku lija ndinkaika kuti ndibweze. Mpira weniweniwo unasiya kundikhudza. Ndinayamba kubetcha matimu a m'mayiko amene sindingathe kuwaloza pa mapu, masewero a achinyamata, a m'mawa kwambiri, chilichonse chimene chikuyamba posachedwa, chifukwa kudikira mpaka Loweruka kunali kosapiririka. Ngati inu kapena m'bale wanu wayamba kunena mawu akuti "ndikangobweza zanga ndisiya", dziwani kuti mawu amenewo ndinawanena ine pafupifupi tsiku lililonse, ndipo "zanga" zija zinkangokulirakulira.

Kubisako kunakula pang'onopang'ono, ndipo kunali ndi ntchito yambiri. Uthenga uliwonse wosonyeza kuti ndatumiza ndalama ku akaunti yobetchera ndinkaufufuta nthawi yomweyo. Kenako ndinaona kuti kufufuta sikukwanira, chifukwa akazi anga nthawi zina ankabwereka foni yanga kuti atumize ndalama kwa amene amawaoda tomato ndi anyezi, ndiye akanaona kuti ndalama yotsala yachepa. Ndinagula simu yachiwiri, ndinailembetsa, n'kumaisunga m'kachikwama ka ziphaso. Ndalama ndinkakaika kwa ejenti wa kutali ndi kwathu ku Bangwe, kuopa kuti wa pafupi, amene amapemphera mpingo umodzi ndi akazi anga, angalankhule. Foni ndinayamba kuiika chafufumimba patebulo, ndinasintha nambala yachinsinsi yotsegulira, ndipo kuchimbudzi ndinkakhalako mphindi makumi awiri. Malipiro akalowa pa 28, kunyumba ndinkati abwana achedwetsa, kuti ndikhale ndi masiku atatu kapena anayi "oyendetsa" ndalamayo isanafike m'manja mwa akazi anga. Kwa anzanga ndinkangoonetsa matiketi owina okha. Ndipo aliyense wondifunsa za ndalama, ngakhale mwaulemu, ndinkamukalipira. Mwana wanga wamkazi atandipempha K1,500 ya makope ndinamuzazira mpaka analira, pomwe m'mawa womwewo ndinali nditadyedwa K20,000 ndili m'minibasi.

Chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri ndi momwe zinthu ziwirizi zimadyetsanirana, chifukwa ndi pamene pali msampha weniweni. Ukaluza ndalama imene aliyense akuidziwa, umamva kuwawa, mwina umakalipiridwa, nkhani n'kutha. Koma ukaluza ndalama imene wanama kuti ilipo, dzenje lija limakhala ndi tsiku lake loti lidzaonekera: tsiku la lendi, tsiku lotsegulira sukulu, tsiku lobweza ku banki m'khonde. Tsikulo likamayandikira, K500 singakuthandize, umafunika kupeza ndalama yambiri msanga, ndiye umaika yambiri. Ukaluza, dzenje lakula, bodza lofunika kulikwirira lakulanso, ndipo kuulula kwafika povuta kuposa dzulo. Ine sindinkabetcha chifukwa cha dyera la kulemera. Miyezi yomalizayo ndinkabetcha chifukwa choopa nkhope ya akazi anga akadzadziwa.

M'chaka cha 2023 mnzanga wina anandionetsa kandege. Kwa amene simukadziwa, pa foni pamaoneka kandege kakunyamuka, ndipo nambala imakwera kuchokera pa 1.00 kupita m'mwamba. Ukadina kuti utenge ndalama kandegeko kasanathawe, ndalama yako imachulukitsidwa ndi nambala imene yafikapo. Kakathawa usanadine, yonse yapita. Ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa, wina n'kuyamba pompo. Mpira umakupatsa mphindi 90 zoti mtima ukhale pansi, mwina n'kuganiza bwino. Kandege sikakupatsa mpata umenewo, ndipo kwa munthu amene akulondola ndalama zake, palibe chinthu choopsa kuposa chimenechi.

Kumayambiriro kwa Seputembala ndinali ndi ngongole ya lendi ya K45,000 imene kunyumba ndinanena kuti ndalipira. A landilodi anandipatsa sabata imodzi. Nthawi yomweyo akazi anga anali atatenga K130,000 ku banki m'khonde ya fizi ndi zofunika za mwana wathu, yemwe ankayamba Fomu 2 pa sukulu ina yoyendera, ndipo anandipatsa kuti ndikalipire chifukwa ndimadutsa pafupi ndi banki. Ndinadziuza kuti sindiidya ndalamayi, ndingoigwiritsa ntchito masiku awiri. Ndinali ndi njira imene ndinkaiona ngati yosalephera: kuika K2,000 ndi kutenga kandege kakafika pa 2.00. Ndikaluza, ndiike K4,000. Ndikaluzanso, K8,000, kumangowirikiza choncho. Nthawi iliyonse ukawina kamodzi, zonse zoluza zimabwerera ndi phindu la K2,000 pamwamba. Ndinawerengera kuti ndikawina maulendo 23, lendi yakwana.

Usiku woyamba zinayenda, ndinapeza K18,000. Usiku wachiwiri, cha m'ma 1 koloko, ndili pa mpando wa pabalaza nyali itazima, kandege kanathawa pa K2,000. Kanathawanso pa K4,000, pa K8,000, pa K16,000. Ndikukumbukira kuti poika K32,000 chala chinali chonyowa moti foni sinamve, ndinachipukuta pa malaya. Kanathawa kasanafike n'komwe pa 1.20. Ndinaika K64,000 ndikunena mumtima kuti sizingatheke kasanu ndi kamodzi motsatizana. Zinatheka. Maulendo asanu ndi limodzi amenewo anadya K126,000 m'mphindi zosakwana khumi, ndipo kuti ndipitirize njira ija ndinkafunika K128,000 ina, yonseyo kuti ndipeze phindu la K2,000. Yotsala ija, pamodzi ndi K18,000 ya dzulo lake, ndinaimaliza kusanache.

Pambuyo pake mphwanga amene amaphunzitsa masamu ku sekondale anandifotokozera chimene chinachitika, ndipo ndikufuna ndichilembe monga anandiuzira chifukwa chinandichotsa nkhungu m'maso. Mwayi woti kandege kafike pa 2.00 ndi wochepera pang'ono theka, ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Kuluza kasanu ndi kamodzi motsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 64 alionse amene wayamba mndandanda wotere. Munthu amene akusewera usiku wonse amayamba mindandanda makumi angapo, ndiye tsokalo si lodabwitsa, limangodikira usiku wake. Ndiponso kandege sikakumbukira. Kuthawa msanga kasanu sikuchititsa kuti ulendo wachisanu ndi chimodzi kapite patali, ulendo uliwonse umayambira pa chiyambi. Za mpira anandionetsanso chimodzimodzi. Pamene zotsatira ziwiri zili ndi mwayi wofanana, kampani siipereka 2.00 mbali zonse, imapereka monga 1.90. Anthu awiri akaika K1,000 aliyense pa mbali zosiyana, kampani yalandira K2,000, ipereka K1,900 kwa wowina, K100 yatsala kwa iyo, zivute zitani. Ndiye ndalama iliyonse imene ukuika pofuna kubweza ikudutsanso pa lumo lomwelo. Ukaika zambiri, ndi zambirinso zimene zikumetedwa. "Achimwene," anatero, "ndalama imene munaluza sikukudikirani kwinakwake. Inatha tsiku lomwelo."

Koma usiku uja zimenezi sindinkazidziwa, ndipo kutacha sindinaulule. Ndinapita kwa munthu wa katapila n'kutenga K100,000 yoti ndidzabweze K150,000 pakutha pa mwezi, chikole chake wailesi ya kanema ya kunyumba, imene mwini wake weniweni ndi akazi anga. Ku sukulu ndinalipira K60,000 n'kupempha kuti yotsala ndidzamalize, ndipo K40,000 ndinaibwezanso mu kandege. Masiku amenewo tulo ndinalibe, nsima sinkalowa, ku ntchito ndinapereka chenji cholakwika kawiri mpaka abwana anandiitana. Ndikanena zoona, tsiku lina ndikuyenda wapansi kuchokera ku Limbe, chifukwa ndinalibe ya minibasi, ndinaganizapo zoti bola nditangofa, nkhani yonseyi ithe. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha amene maganizo otere anamufikira. Ngati akufikirani, musagone nawo nokha usiku umenewo. Uzani munthu, kaya m'bale, kaya abusa kapena shehe, kaya pitani ku chipatala chilichonse chapafupi. Ngongole imakambidwa ndipo imabwezedwa.

Zinaululika Loweruka lina m'mawa, kumayambiriro kwa Okutobala. Akazi anga ankachapa pakhonde pamene wakatapila uja anafika ndi mnyamata wonyamula katundu. Ine ndinali m'nyumba, ndinamva akufunsa kuti, "Wailesi yake iti?" Atapita anthu aja, ndi wailesiyo, akazi anga analowa manja ali ndi thovu la sopo, anakhala pa mpando, sanakuwe. Anangoti, "Bambo, ndiuzeni zonse lero. Mukasiyako china, ndikadzachimva kwa anthu, ine ndizipita kwathu." Ndinayamba ndi kuchepetsa, monga mwa chizolowezi, ndinati ndi K100,000 yokha. Anatambasula dzanja: "Ndipatseni foni. Ndi simu inayo." Ankadziwa za simu yachiwiri kwa miyezi itatu, anaiona akuchapa thalauza, koma ankaganiza kuti ndili ndi chibwenzi.

Chimene tinachita madzulo a tsiku limenelo ndi chimene ndimalangiza aliyense amene akudzikayikira. Mauthenga ndinali nditafufuta, koma mu akaunti yobetchera mumakhala mbiri ya ndalama zonse zimene unaika ndi zimene unatapa. Tinatenga kope la mwana, tinajambula mzere pakati, kumanzere zolowa, kumanja zotuluka, kuyambira Novembala uja. Akazi anga asanayambe kuwonkhetsa anandifunsa kuti ndikuganiza kuti ndaluza zingati. Ndinati mwina K200,000, ndipo ndinkakhulupiriradi choncho. Zolowa zinakwana K1,140,000, zotuluka K410,000. Ndinali nditataya K730,000, malipiro anga a miyezi yoposa inayi. Sindinkanamiza akazi anga okha. Mutu umasunga tsiku lililonse limene unawina, ndi maola ake omwe, koma ma K3,000 ndi ma K5,000 a tsiku ndi tsiku umawataya. Ngati simungathe kunena molondola zimene mwaluza mwezi uno, kapena mukuopa kutsegula mbiriyo n'kuwonkhetsa, manthawo akukuuzani kanthu.

Mlangizi amene ndinakaonana naye pambuyo pake anandifunsa mafunso awiri poyamba penipeni: ngati ndinayamba ndamvapo kuti ndikufunika kumaika ndalama zochulukirachulukira, komanso ngati ndinayamba ndanamizapo anthu ofunika kwa ine za kuchuluka kwa zimene ndikubetcha. Anati "inde" mmodzi yekha ndi wokwanira kuti munthu aunikidwe bwino. Ine ndikanayankha inde kawiri kuyambira usiku wa France uja, miyezi khumi wakatapila asanafike pakhomo. Anandiuzanso kuti achipatala amaliona vutoli ngati matenda a chizolowezi, m'gulu limodzi ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo n'chifukwa chake kungolumbira kuti ndasiya sikukwanira. Kuno kwathu thandizo la uphungu wotere limapezeka m'malo monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso m'zipatala za boma muli ogwira ntchito za maganizo amene mungayambire kwa iwo.

Kulumbira ndinali nditalumbirapo kambirimbiri, ndiye ulendo uno tinatseka njira za ndalama. Simu yachiwiri tinaithyola. Ndinalembera kampani ija kuti itseke akaunti yanga ndipo isandilolenso, akazi anga ali pambali kuona kuti ndatumizadi. Malipiro akalowa, tsiku lomwelo timapita limodzi kukatapa, ndipo ine ndimatenga ya minibasi ndi ya chakudya chamasana ya sabata imodzi yokha. Ndinayamba ndi kusinthira ku kafoni ka mabatani, koma ndinapeza kuti nakonso munthu angathe kubetcha, choncho chimene chimanditeteza kwenikweni ndi chakuti mu foni mwanga simugona ndalama. Ngongole zonse tinazilemba papepala limodzi, ya lendi, ya sukulu, ya banki m'khonde, ndipo ndinapita ndekha kwa a landilodi ndi kwa achemwali anga kukanena zoona. Achemwali analira atamva za feteleza uja, ngakhale kuti fetelezayo anafika kwa amayi pa nthawi yake.

Ndinagwanso kamodzi, mu Febuluwale 2024. Kasitomala anandipatsa K5,000 yothokoza, ndipo ndinalowa mu shopu yobetchera ya m'mbali mwa msewu n'kuiika pa tiketi. Inafa. Nditatuluka ndinamva chinthu chija chikudzuka m'chifuwa, chondiuza kuti mu thumba muli K3,000 ya minibasi ya mawa, ndipo masewero ena akuyamba 6 koloko. Ndinaima pa siteji nthawi yaitali. Kenako ndinaimbira akazi anga n'kuwauza kuti ndabetcha K5,000 ndipo ndadyedwa. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti, "Bwerani kunyumba, mugule mafuta ophikira panjira." Nditangonena, chilakolako chobweza chija chinaphwa, chifukwa panalibenso dzenje loti ndilikwirire munthu asanalione.

Ngongole ya ku banki m'khonde tinamaliza kubweza pakati pa chaka chimenecho. Wailesi ya kanema ija sitinaiombole, ndipo mpira ndimakaonera kwa mphwanga, foni nditaisiya kunyumba. Kope lija akazi anga analisunga mu sutikesi pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana, ndipo pamapeto pa mwezi uliwonse timalitulutsa n'kulemba pa tsamba latsopano zimene zalowa ndi kumene zapita.